Kupeta Chilengezo cha Ntchito Sivii Isanatsegulidwe

Chilengezo cha ntchito chimakhala ndi zinthu za mitundu iwiri zimene nthawi zambiri zimalembedwa mosakaniza pamndandanda umodzi. Zina ndi zofunikira zenizeni, zimene munthu akapanda kukhala nazo kalata yake imaikidwa pambali ngakhale atakhala katswiri pa zina zonse. Zina ndi zokhumba chabe za olemba ntchito, zomwe angakondwere atazipeza mwa munthu koma angathe kumulemba popanda izo. Kusiyana kwake kuli ngati kwa ndiwo yamasamba: popanda masambawo palibe ndiwo, koma nsinjiro zikasowa anthu amadyabe. Vuto ndi lakuti papepala masamba ndi nsinjiro zimaoneka zofanana, mzere uliwonse ndi kadontho kake kutsogolo.

Wofunsira ntchito amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi amalakwitsa m'njira ziwiri. Wina amawerenga mizere khumi, n'kupeza kuti itatu alibe, basi n'kupinda nyuzipepala, pamene mizere itatuyo inali yongokhumba. Mnzake amaona kuti ali ndi mizere isanu ndi itatu mwa khumi, n'kuwononga ndalama ya fotokope, ya envulopu ndi ya minibasi, osazindikira kuti umodzi mwa mizere iwiri yosowayo ndiwo unali chitseko cholowera. Onse awiri awerenga mizere ngati kuti ndi yolemera mofanana.

Ntchito yosiyanitsayi iyenera kutha sivii isanatsegulidwe, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu akaika sivii yake pambali pa chilengezo, maso amayamba kukondera. Chimene ali nacho chimaoneka chachikulu, chimene alibe chimaoneka ngati chinalembedwa mwamwambo chabe. Kwa munthu wamantha zimatembenuka, chosowa chilichonse chimasanduka phiri. Akayamba wagawa chilengezo pachokha, asanakumbukire za mapepala ake, muyeso umakhala utakhazikika ndipo sungapindikenso kuti umukomere kapena kumuopseza.

Zimene zimachitika kuseri kwa chitseko

Njira yowerengera chilengezo imachokera pa mmene makalata amasankhidwira. Malo amodzi akalengezedwa m'nyuzipepala monga The Nation kapena The Daily Times, makalata amabwera ochuluka kuposa amene gulu losankha lingawerenge mofatsa. Choncho kusankha kumachitika kawiri. Poyamba, mkulu woona za antchito kapena kalaliki wake amakhala ndi pepala la mfundo zochepa, ndipo pa mfundo iliyonse yankho limakhala inde kapena ayi: satifiketi ilipo, zaka zantchito zakwana, laisensi ilipo, kalata yafika tsiku lotseka lisanadutse. Ayi mmodzi ndi wokwanira kuchotsa kalata. Amene akupeta pa siteji imeneyi mwina sadziwa bwino ntchitoyo, ndipo alibe mpata woganizira kuti munthuyu akadatha kuphunzira.

Makalata otsala ndiwo amapita kwa anthu odziwa ntchito, amene amapereka mamalikisi. Apa m'pamene zokhumba zimagwira ntchito, chifukwa onse otsala ali ndi zofunikira, ndipo chowasiyanitsa ndi zowonjezera. Motero zofunikira zimayankha funso lakuti munthu afunsire kapena ayi, pamene zokhumba zimayankha funso lakuti m'kalata yake atsindike chiyani.

Mawu amene amaulula

Zilengezo zambiri m'Malawi muno zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo pali mawu angapo amene amaonetsa kulemera kwa mzere. Pamene palembedwa "must", "required", "essential", "minimum" kapena "at least", olembawo akunena kuti pansi pa apa savomera. Pamene palembedwa "desirable", "preferred" kapena mawu otchuka aja akuti "added advantage", akunena kuti n'chokhumba. Kuwerenga koyamba ndi kongodula mizere pansi pa mawu amenewa ndi cholembera, n'kusamutsa mfundo iliyonse papepala lina logawidwa patatu: zofunikira, zokhumba, ndi zosadziwika bwino.

Timawu ting'onoting'ono tolumikiza timafuna chidwi kuposa mawu akuluakuluwo. Mzere wonena digiri "or" dipuloma yokhala ndi zaka zisanu zantchito ukutsegula zitseko ziwiri, ndipo wolowera chimodzi wakwanitsa. Mzere womwewo utakhala ndi "and" ndiye kuti zonse ziwiri zikufunika. Mawu akuti "or equivalent" ndi "or related field" amafutukula chofunikira koma sachichotsa. Dipuloma ya ulimi wothirira ndi yachibale ndi ya ulimi wamba, koma ya zokopa alendo siili m'banja limenelo ngakhale mwini wake atakulira pamunda. Mzere umodzi ungathenso kunyamula mitundu yonse iwiri, monga wonena kuti pakufunika dipuloma ndipo digiri idzakhala mwayi wowonjezera. Mzere wotere uyenera kudulidwa pakati, theka lake lipite mbali ina, theka linalo mbali inayo.

Manambala a mayeso amafunanso kuwamasulira molondola. Pa MSCE, magiredi 1 ndi 2 ndi apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Chilengezo chikafuna kirediti ya Masamu ndi Chingerezi, munthu amene anapeza 7 pa Masamu ali ndi satifiketi ndithu, koma mzere umenewo sanaukwanitse.

Mizere yopanda chizindikiro

Gawo lachitatu lija, la zosadziwika bwino, ndilo limadzaza kwambiri, chifukwa olemba zilengezo ambiri amangoika mutu umodzi wa maphunziro ndi luso n'kundandalika zonse pansi pake popanda kunena cholemera ndi chopepuka. Ena amakopera chilengezo chakale n'kuwonjezerapo zofuna za bwana watsopano. Pamenepa mawu sathandizanso, ndipo mzere uliwonse umafunika kuufunsa mafunso.

Funso loyamba ndi lakuti mzerewu wachokera kwa yani. Ngati wachokera ku lamulo, ndi chofunikira ngakhale patapanda mawu otsindika. Namwino kapena mzamba sangagwire ntchito m'Malawi osalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo dokotala kapena kiliniko ofisala amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Chipatala sichingakhululuke pa mfundo imeneyi ngakhale chitamukonda munthuyo, pakuti mphamvu yokhululuka si yake. Chimodzimodzi laisensi yoyendetsera galimoto. Chilengezo chikanena kuti pepala lichokere ku sukulu yovomerezeka, olemba ntchito angathe kuyang'ana ngati sukuluyo ndi maphunzirowo ndi zovomerezedwa ndi National Council for Higher Education. M'boma namonso giredi ya ntchito imayenda ndi mlingo wa maphunziro woikika, kotero mpata wonyengerera umakhala wochepa kuposa pa kampani yaing'ono imene mwini wake amasankha yekha.

Funso lachiwiri ndi lakuti, munthu wopanda chinthuchi atayamba ntchito Lolemba, kodi ntchito ingayende? Ngati yankho n'lakuti ntchito iima, chinthucho n'chofunikira. Ngati yankho n'lakuti iyenda mwapang'onopang'ono kwa sabata ziwiri kapena zitatu mpaka munthuyo ataphunzira, chinthucho n'chokhumba. Chiyankhulo sichiphunzirika pa mwezi umodzi, koma pulogalamu ya pafoni yolembera mayankho a kafukufuku imaphunzirika pa masiku ochepa.

Yankho la funso limeneli limapezeka m'gawo limene anthu ambiri amalidumpha, la ntchito zimene wolembedwayo azidzagwira. Chinthu chotchulidwa kawiri kapena katatu, m'dzina la udindo, m'mawu oyamba ndi m'mndandanda wa ntchito, n'chofunikira ngakhale chitalembedwa mofatsa. Chotchulidwa kamodzi kumapeto, chopanda ntchito iliyonse yochitsamira, kawirikawiri n'chokhumba. Malo amene mzere waikidwa amapereka chithunzi, popeza olemba ambiri amayamba ndi zolemera, koma umboni umenewu ndi wofooka ndipo suyenera kudaliridwa pawokha.

Chitsanzo cha mlangizi wa zaulimi

Njirayi imaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Bungwe lina lomwe si laboma likufuna mlangizi wa zaulimi wokagwira ntchito m'midzi ya ku Machinga. Pa gawo la ntchito palembedwa kuti aziyendera makalabu a alimi m'dera lonse la mfumu yaikulu, aziphunzitsa ulimi wosunga chinyezi, azithandiza magulu a banki m'khonde, ndipo azitumiza lipoti mwezi uliwonse. Pa gawo la zoyenereza pali mizere isanu ndi inayi. Woyamba ukufuna dipuloma ya zaulimi kapena yofanana nayo, n'kuwonjezera kuti digiri ndi "added advantage". Wachiwiri ukufuna zaka ziwiri, "at least", zogwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono. Wachitatu ukutchula laisensi ya njinga yamoto. Wachinayi ukutchula kulankhula bwino Chichewa ndi Chingerezi, wachisanu Chiyao. Wachisanu ndi chimodzi ndi kudziwa Microsoft Excel, wachisanu ndi chiwiri kudziwa KoboToolbox, wachisanu ndi chitatu kukhala atagwirapo ntchito ndi magulu a banki m'khonde. Womaliza ukufuna munthu wodziwa kugwira ntchito ndi anzake komanso wopirira ntchito ikachuluka.

Mizere iwiri yoyamba imagawika yokha. Dipuloma ndi zaka ziwiri zikupita ku zofunikira, digiri ku zokhumba. Chichewa ndi Chingerezi nazonso n'zofunikira, chifukwa alimi aphunzitsidwa m'chiyankhulo chimene akumva ndipo lipoti lilembedwa m'Chingerezi.

Laisensi ya njinga yamoto ilibe mawu otsindika, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa. Ntchito yoyamba pamndandanda ndi kuyendera makalabu omwazikana m'dera lalikulu, komwe misewu yambiri ndi yafumbi ndipo nyengo yadzinja imavuta. Bungwe silingapereke njinga yake kwa munthu wopanda laisensi, chifukwa lamulo likukana ndipo pakachitika ngozi nkhani ya inshuwalansi imavuta. Mzerewu ukuyankha mafunso onse awiri mofanana: wachokera ku lamulo, ndipo popanda iwo ntchito iima Lolemba lomwelo. Ndi chofunikira. Laisensi ya galimoto yaing'ono, ya gulu B, siilowa m'malo mwake, popeza njinga yamoto ili ndi gulu lake, A1 kapena A.

Chiyao ndi mzere wofuna kuusinkhasinkha. Ku Machinga anthu ambiri amalankhula Chiyao, ndipo mlangizi wochidziwa amafika msanga pamtima pa alimi, makamaka amayi achikulire. Komabe chilengezo chachiika pamzere wake, kunja kwa ziyankhulo ziwiri zimene chanena kuti munthu azilankhula bwino, ndipo Chichewa chimamveka m'madera ambiri a bomalo. Chikhala chokhumba, koma chokhumba cholemera, chimene chingathe kusiyanitsa anthu awiri ofanana pa zina zonse. Chilengezo chikadanena kuti maphunziro onse azichitika m'Chiyao, mzere womwewu ukadasamukira ku zofunikira.

Excel ikutsamira pa lipoti la mwezi ndi mwezi, choncho kuidziwa pa mlingo wolowetsa manambala ndi kuwonkhetsa n'kofunikira, ngakhale kuti ukatswiri wozama sukufunsidwa. KoboToolbox sinatchulidwe pa ntchito iliyonse ndipo munthu wodziwa foni yamakono amaizolowera msanga, motero ndi yokhumba. Banki m'khonde yatchulidwa kawiri, pa ntchito ndi pa zoyenereza, zomwe zikuikweza, koma ndi ntchito yachitatu osati yoyamba, ndipo mabungwe ambiri amaphunzitsa antchito atsopano njira yawo yoyendetsera magulu amenewa. Iikidwe pamwamba pa zokhumba. Mzere womaliza, wa kugwirizana ndi anzake ndi kupirira, sungachotsetse kalata ya munthu pa kupeta koyamba chifukwa palibe pepala lotsimikizira khalidwe. Umayesedwa pa intavyu ndi pofunsa anthu operekera umboni.

Mizere isanu ndi inayi ija yasanduka zofunikira zisanu, zomwe ndi dipuloma, zaka ziwiri, laisensi, ziyankhulo ziwiri ndi Excel, ndi zokhumba zinayi, zomwe ndi banki m'khonde, Chiyao, digiri ndi KoboToolbox. Khalidwe ladikirira intavyu.

Palinso zofunikira zina zimene sizili pa mndandanda wa zoyenereza koma zimachotsetsa makalata ambiri: malangizo a kafunsiridwe kumapeto kwa chilengezo. Tsiku lotseka, chiwerengero cha anthu operekera umboni amene angapezeke pafoni, makope a masatifiketi, ndi mawu oyenera kulembedwa pa envulopu kapena pamutu wa imelo, zonsezi zimalowa m'gawo la zofunikira. Kumene ntchito ili nakonso n'chofunikira, kungoti woyankha ndi mwini wake: ngati sangathe kukakhala kumudzi ku Machinga, kuwerenga kuthere pomwepo.

Sivii ikatsegulidwa

Tsopano sivii ingabwere patebulo. Tiyerekeze kuti mwini wake ndi mayi amene ali ndi dipuloma ya zaulimi ya ku Natural Resources College, yomwe ili pansi pa LUANAR. Anagwira ntchito miyezi 14 pa pulojekiti ya mbewu ku Ntchisi, ndipo asanapite kumeneko anakhala miyezi 12 akuphunzira ntchito pa ofesi ya zaulimi atamaliza kale sukulu. Ali ndi laisensi ya njinga yamoto, amalemba malipoti pa Excel, ndipo anakhalapo mlembi wa gulu la banki m'khonde kwawo. Alibe digiri, Chiyao sachidziwa, KoboToolbox sanaigwiritsepo ntchito.

Akadawerenga mizere mwachisawawa akadaona zosowa zitatu n'kugwa mphwayi. Pa pepala logawidwa lija zikuoneka kuti zosowa zonse zitatu zili ku zokhumba. Funso lenileni latsala pa chofunikira chimodzi, cha zaka ziwiri. Miyezi 14 payokha siikwana 24, koma pamodzi ndi miyezi 12 ija ikukwana 26. Kaya miyezi yophunzira ntchito iwerengedwa, zikudalira mawu a chilengezo ndi zimene mayiyu ankachita. Chilengezo chikufuna zaka zogwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono, sichinanene kuti ikhale ntchito yolembedwa mokhazikika. Ngati pa miyezi 12 imeneyo ankapita kumunda ndi alimi, ali ndi chifukwa chabwino choiwerengera. Ngati ankakhala mu ofesi kusanja mafayilo, miyeziyo siikuyankha mzerewo. Chilengezo chikadakhala ndi mawu akuti "post-qualification", miyezi imene munthu anagwira ntchito asanalandire dipuloma ikadachotsedwa, ngakhale kuti kwa mayiyu sizikadasintha kanthu popeza yonse inabwera atamaliza sukulu.

Pa chofunikira chilichonse payenera kupezeka mzere wa mu sivii wochitsimikizira, wooneka msanga kwa munthu amene akupeta mothamanga. Apa mayiyu angapeze kuti laisensi ali nayo m'chikwama koma mu sivii sanailembe, kapena kuti pa ntchito zake analemba zaka zokha popanda miyezi, kotero wowerenga sangathe kuwonkhetsa 26. Chosalembedwa chimawerengedwa ngati palibe. Kukonza kwake n'kulemba mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira pa ntchito iliyonse, kutchula gulu la laisensi, ndi kufotokoza m'chiganizo chimodzi zimene ankachita ndi alimi pa miyezi 12 ija. Ulembi wa banki m'khonde, ngakhale sunali wolipidwa, ukuyankha chokhumba cholemera kwambiri ndipo ndi woyenera kutchulidwa m'kalata yofunsira. Za Chiyao asaname. Pa intavyu wina angamupatse moni m'chiyankhulocho, ndipo bodza logwidwa pa chokhumba limaipitsanso zoona zonse zimene ananena pa zofunikira.

Nkhani ikadasintha mayiyu akadakhala ndi digiri, Chiyao ndi KoboToolbox koma wopanda laisensi. Zokhumba zitatu sizilipira chofunikira chimodzi, chifukwa siziwerengedwa pa siteji imodzi. Chimene angachite ndi kuona ngati angapeze laisensiyo tsiku lotseka lisanafike. Ngati wayamba kale kuphunzira ndipo ali ndi pepala losonyeza zimenezo, angalembe zoona zake m'kalata, podziwa kuti wopeta ali ndi ufulu wonse womuika pambali.

Malire a njirayi

Kugawa kumeneku kumachepetsa kulakwitsa koma sikulosera zotsatira. Ofunsira akachuluka kwambiri, olemba ntchito ena amakweza chokhumba kukhala sefa yachiwiri, kotero digiri imene inalembedwa ngati mwayi wowonjezera imasanduka chosankhira oitanidwa. Akachepa, monga zimakhalira pa ntchito za kumadera akutali kapena za luso losowa, zaka zantchito zimatha kufewetsedwa, ndipo wa miyezi 20 amaitanidwa pamene panalembedwa zaka ziwiri. Mwa zofunikira zonse, chiwerengero cha zaka ndicho chimapindika kawirikawiri, pamene zochokera ku lamulo sizipindika konse. Chilengezo chikapereka nambala ya foni kapena imelo yofunsirapo, funso limodzi lachindunji, monga lakuti kodi miyezi yophunzira ntchito ikuwerengedwa, limathetsa kukayika kuposa kulingalira kwa tsiku lonse.

Pali mizere ina imene siiyenera kulandiridwa ngati zofunikira ngakhale italembedwa motsindika. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaletsa kusala wofunsira ntchito pa zifukwa monga mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, ulumali, kapena kukhala pabanja, ngakhale kuti limalola njira zapadera zothandizira magulu amene akhala akutsalira. Mzere wofuna munthu wosakwatiwa pa ntchito ya ukalaliki sukuchokera ku ntchitoyo, ndipo wokhudzidwa angakafunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Chimodzimodzi uthenga wofuna kuti munthu atumize ndalama pafoni kuti dzina lake lilowe pamndandanda wa oitanidwa ku intavyu. Ndalama yotere si chofunikira cha ntchito iliyonse yoona, ndipo chilengezo chokhala ndi mzere umenewu chiyenera kutsimikiziridwa ku ofesi yeniyeni ya bungwe lotchulidwalo munthu asanatumize sivii kapena kope la chiphaso chake cha unzika.